Kuweruza Chiganizo Chimodzi

Zaka zingapo zapitazo, pamene ndinkachonga zimangirizo za ophunzira a Folomu 4 pasukulu ina ya kufupi ndi Namitete, ndinapeza chiganizo chimene chinandiimitsa. Mtsikana wina ankasimba za munthu amene anamulipirira fizi, ndipo analemba motere:

"M'bale wanga, yemwe amakhala ku Kabudula anagulitsa ng'ombe imodzi, mbuzi ziwiri ndi nkhuku zisanu ku Nsaru; ndalamazo anaziika m'thumba n'kukazipereka kwa m'phunzitsi wamkulu."

Nditachilemba pabolodi, kalasi inagawikana. Ena anati chiganizocho n'cholondola chifukwa chikumveka bwino pochiwerenga. Ena anati n'cholakwika chifukwa zizindikiro zachuluka. Magulu onse awiri anaweruza mlandu asanamve mboni. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Chizindikiro chilichonse chiyenera kufunsidwa pachokha funso ili: kodi chikugwira ntchito yanji, ndipo titachichotsa chingasokonekere n'chiyani? Kupatula mpumiro wakumapeto, m'chiganizochi muli zizindikiro 8: nkhodolero 5, mipatuliro 2 ndi semikoloni imodzi, chizindikiro chija cha kadontho kokhala pamwamba pa mpatuliro.

Tiyambe ndi nkhodolero. Bungwe la Chichewa, limene linakhazikitsidwa mu 1972, linatulutsa malamulo a kalembedwe mu 1973 ndi kuwakonzanso mu 1980 ndi mu 1990. M'kalembedwe kamene timatsata m'sukulu, nkhodolero ili ndi ntchito zingapo zosiyana, ndipo zitatu mwa izo zikuoneka m'chiganizo chathuchi.

Ntchito yoyamba tikuiona m'mawu oti "ng'ombe". Apa palibe lembo limene lachotsedwa. Nkhodoleroyi ikungotiuza kuti "ng'" ndi liwu lotulukira m'mphuno, losiyana ndi "ng" wa m'mawu oti "ngolo". Wofuna umboni ayerekeze "ng'oma" ndi "ngoma". Yoyambayo ndi imene imalira kudambwe, pamene yachiwiriyo ndi nyama yam'tchire ya nyanga zopotana. Choncho mtsikanayo analemba "ng'ombe" molondola.

Ntchito yachiwiri ndi kusonyeza kuti mawu afupikitsidwa. Njira yoyesera ndi kubwezera zimene zachotsedwazo. "M'thumba" tikamutambasula akhala "mu thumba", ndipo tanthauzo silisintha. "N'kukazipereka" akhala "ndi kukazipereka", ndipo chiganizo chiyenda bwinobwino. Nkhodolero ziwirizi zapambana mayeso.

Ntchito yachitatu ili m'mawu oti "m'bale". Tikachotsa nkhodoleroyi tipeza "mbale", chiwiya chodyeramo nsima. Potchula "m'bale" timayamba taima pang'ono pa "m", pamene mu "mbale" malembo a "mb" amatuluka pamodzi ngati liwu limodzi. Kuchulukitsa nakonso kumasiyanitsa mawuwa: m'bale mmodzi, abale awiri; mbale imodzi, mbale ziwiri. Nkhodolero imeneyi ndiyo ikuteteza munthu wachifundo wa ku Kabudula uja kuti asasanduke chiwiya cha pathandala.

Yatsala ya "m'phunzitsi". Tiyese njira zathu zitatu zija. Palibe liwu la "ng'". Tikatambasula tipeza "kwa mu phunzitsi wamkulu", zimene palibe Mchewa angayankhule, pakuti "m" ameneyu sakunena za mkati mwa malo monga amachitira mu "m'thumba". Palibenso mawu ena olembedwa "mphunzitsi" amene tingawasokoneze ndi amenewa. Mnyamata wina m'kalasimo anatsutsa. Iye anati potchula "mphunzitsi" timaimanso pa "m" monga timachitira ndi "m'bale", mosiyana ndi mmene timatchulira "mphasa". Khutu lake linamva zoona, ndipo ndinamuyamikira. Koma tikanati tiike nkhodolero paliponse pamene "m" akumveka payekha, bwenzi tikuiikanso mu "mlimi", "mtengo", "mnyamata" ndi "mtsikana", mpaka tsamba lonse likanadzaza timizere topanda ntchito. Kalembedwe kovomerezeka ndi "mphunzitsi". Apa ndiye cholakwa choyamba.

Tsopano tione mipatuliro. Wachiwiri uja, wa pakati pa "ng'ombe imodzi" ndi "mbuzi ziwiri", ukulekanitsa zinthu zimene zili pamndandanda. Wolembayo anachita bwino posaika wina patsogolo pa "ndi nkhuku zisanu", chifukwa mlumikizi "ndi" wagwira kale ntchito imeneyo.

Vuto lili pa mpatuliro woyamba. Mawu oti "yemwe amakhala ku Kabudula" ndi nthambi ya chiganizo yosaima payokha, imene yalowa pakati pa mwininkhani, "m'bale wanga", ndi mneni, "anagulitsa". Nthambi yotere tingailembe m'njira ziwiri. Tikhoza kuitchinga ndi mipatuliro mbali zonse ziwiri. Tikatero tikutanthauza kuti m'baleyo ndi wodziwika kale, ndipo za ku Kabudula tangowonjezerapo, moti titazichotsa chiganizo chikhalabe chathunthu: "M'bale wanga anagulitsa ng'ombe imodzi." Tikhozanso kusaika mpatuliro ngakhale umodzi. Tikatero tikutanthauza kuti abale alipo angapo, mwina wina ku Mpingu, wina ku Nambuma, ndipo amene anagulitsa ziwetozo ndi wa ku Kabudula, osati enawo.

Mtsikanayo sanasankhe njira iliyonse mwa ziwirizi. Anatsekula chitseko koma sanatseke. Chifukwa cha ichi, wowerenga amathamanga kuchoka pa "Kabudula" kugwera pa "anagulitsa" osadziwa pamene nthambi yathera, ndipo mwininkhani watsala yekha kuseri kwa mpatuliro, wolekanitsidwa ndi mneni wake. Nditamufunsa, anandiuza kuti ali ndi mchimwene mmodzi yekha, yemwe anali atamutchula kale m'ndime yoyamba ya chimangirizocho. Choncho pafunika mpatuliro wina pambuyo pa "Kabudula". Cholakwa chachiwirichi si chizindikiro chimene chilipo, koma chimene chikusowa, ndipo zolakwa zotere ndi zimene diso limaphonya kawirikawiri.

Semikoloni ndiyo imene ophunzira ambiri ankaikayikira, komabe inalibe mlandu. Njira yoiyesera ndi kuika mpumiro m'malo mwake, kenaka n'kuona ngati mbali zonse ziwiri zingaime pazokha. Mbali yoyamba ili ndi mwininkhani ndi mneni wake. Mbali yachiwiri, "Ndalamazo anaziika m'thumba n'kukazipereka kwa mphunzitsi wamkulu", nayonso ndi chiganizo chokwanira. Akanalemba kuti "ku Nsaru; n'kukapereka ndalamazo", semikoloni ikanakhala yolakwika, chifukwa mawu oyamba ndi "n'kukapereka" amatsamira pa mneni wam'mbuyo. Akanagwiritsa ntchito mlumikizi "ndipo", semikoloni sikanafunikanso.

Nanga bwanji sanangoika mpumiro kapena mpatuliro? Mpumiro sukanalakwika, koma ukanadula nkhani imene ili imodzi, pakuti kugulitsa ziweto ndi kulipira fizi ndi chifukwa ndi chotsatira chake. Mpatuliro ukanachepa mphamvu. Komanso popeza m'mbuyomo muli kale mndandanda, wowerenga akanayamba kuganiza kuti "ndalamazo" ndi chinthu china chimene chinagulitsidwa ku Nsaru. Pa mfundo imeneyi mtsikanayo anasankha mwanzeru kuposa anzake amene ankamudzudzula.

Chigamulo chathu n'chakuti chiganizochi si cholondola, koma osati chifukwa cha kuchuluka kwa zizindikiro. Mwa zizindikiro 8 zija, 7 zikuyenera kukhalapo, imodzi iyenera kuchoka, ndipo mpatuliro umodzi uyenera kuwonjezedwa. Tikakonza, chiwerengero chikhalabe 8:

"M'bale wanga, yemwe amakhala ku Kabudula, anagulitsa ng'ombe imodzi, mbuzi ziwiri ndi nkhuku zisanu ku Nsaru; ndalamazo anaziika m'thumba n'kukazipereka kwa mphunzitsi wamkulu."