Madontho a Diripi ya Mwana

Mwana akadwala mpaka kulephera kumwa, namwino wodziwa ntchito sathamangira botolo la diripi. Amayamba wamuika pasikelo, pakuti chiwerengero chonse chimachokera pa kulemera kwake.

Njira imene amatsata inalembedwa mu 1957 ndi madokotala awiri a ku America, Malcolm Holliday ndi William Segar. Iwo anaona kuti madzi amene thupi limafuna amayenderana ndi mphamvu zimene limagwiritsa ntchito, ndipo khanda limagwiritsa ntchito zambiri pa kilogalamu iliyonse kuposa mwana wamkulu. N'chifukwa chake mlingo wa pa kilogalamu umatsika mwana akamalemera: makilogalamu 10 oyamba amalandira mamililita 100 iliyonse pa tsiku, 10 otsatira amalandira 50, otsalawo 20.

Titenge mwana wa makilogalamu 14 amene wagonekedwa ndi chibayo ndipo akusanza chilichonse. Makilogalamu 10 oyamba atipatsa mamililita 1,000, anayi otsalawo atipatsa 200. Zonse pamodzi ndi 1,200, zomwe tikazigawa m'maola 24 zikhala mamililita 50 pa ola.

Luso limene ndimalisirira kwambiri limaonekera pamenepa. M'wodi mopanda makina opopera, namwino amawerenga madontho ndi maso, wotchi ili m'manja. Paipi ya ana imatulutsa madontho 60 pa mililita imodzi, choncho mamililita 50 pa ola ndi madontho 50 pa mphindi. Koma paipi ya akulu nthawi zambiri imatulutsa 20, ndipo pamenepo pafunika madontho 17 okha. Wina akaiwala n'kutsegulira 50 pa paipi imeneyi, mwana amalandira madzi ochuluka katatu. Namwino wosamala amawerenga kaye zolembedwa papaketi ya paipiyo, ndipo ngati kalipo, amathira madzi a maola ochepa okha m'kabotolo koyezera kuti botolo lonse lisatsanukire mumtsempha.

Komabe 1,200 ija ndi poyambira chabe. Chibayo komanso matenda oumitsa khosi zimachititsa thupi kusunga madzi, mkodzo n'kuchepa. Madzi akachuluka, mchere wa m'magazi umasungunuka kwambiri, ubongo umatupa, mwana n'kuyamba kukomoka. Motero masiku ano amasankha madzi okhala ndi mchere wofanana ndi wa m'magazi, ophatikiza shuga, ndipo dokotala angathe kutsitsa mlingo kufika pa magawo awiri mwa atatu, omwe kwa mwana wathuyu ndi mamililita 800. Mwana wonyentchera kwambiri ndiye saikidwa diripi mwachisawawa, chifukwa mtima wake ndi wofooka.

Kenaka namwino amabwerabwera. Amayang'ana zikope ngati zatupa, amawerenga mpweya, amagwira m'mimba kuona ngati chiwindi chakula, amafunsa mayi kuti, "Mayi, mwanayu wakodza kangati?" M'mawa amamuikanso pasikelo. Mwana akangoyamba kumeza, madonthowo amachepetsedwa ndipo kapu imalowa m'malo mwa diripi.