Nsawa kapena Mtedza: Cholakwa Chili Pati?

Ndinaona kope la mwana wa pasukulu ina ya kufupi ndi Nsaru. Mwanayo adalemba kuti, "Nsawa zathu zauma." Mphunzitsi adakhwatcha mawu oyambawo nalemba "mtedza" pamwamba pake, ndipo chiganizo chinasanduka "Mtedza zathu zauma." Chiganizo cha mwana chinali cholongosoka; cha mphunzitsi ndicho chinathyoka msana, pakuti "mtedza" umafuna "wathu wauma". Wosintha dzina ayenera kusinthanso agwirizanitsi ake onse.

Koma funso lalikulu ndi lakuti: kodi kunali koyenera kukhwatcha? Ena amati "nsawa" si Chichewa chifukwa amafanana ndi "skawa" wa Chitumbuka ndi "nshawa" wa Chinsenga. Mfundoyi njosalimba, pakuti nawo "mtedza" ali ndi mbale wake m'Chiyao, "mtesa". Ziyankhulo zapachibale zimafanana mawu monga ana a mbumba imodzi amafanirana nkhope. Tikati tichotse mawu onse opezeka kwa anansi, ngakhale "munthu" sangatsale.

Tikumbukenso mbiri ya zolembedwa zathu. Buku lotanthauzira mawu la David Clement Scott la 1892 lidasonkhanitsa Chimang'anja cha Kummwera, ndipo Alexander Hetherwick adalikuza mu 1929. Pamene Chichewa chinkasankhidwa kukhala chiyankhulo cha fuko mu 1968, mawu ambiri a Kummwera anali atakhazikika kale m'mabuku. Kusowa kwa liwu m'buku la sukulu sikutanthauza kuti agogo a ku Kabudula kapena ku Nambuma amayankhula molakwa.

Tsono mkonzi asanagwire cholembera chofiira adzifunse mafunso atatu. Loyamba: kodi mawu awiriwa akutchula chinthu chimodzi? "Nsawa" ndi "mtedza" ndi mbewu imodzi, koma "nzama" ndi mbewu ina, ngakhale nayo imabereka pansi. Apa pokha ndi pamene pangakhale cholakwa chenicheni.

Lachiwiri: kodi owerenga ndani? M'buku la ulimi kapena m'mayeso a dziko lonse tilembe "mtedza", chifukwa amamveka kuyambira ku Nsanje mpaka ku Chitipa. "Nsawa" atchulidwe kamodzi poyamba, kenaka tisasinthesinthe, kuopa kuti mwana angaganize kuti ndi mbewu ziwiri.

Lachitatu: kodi akuyankhula ndani? M'nthano kapena m'sewero, mayi wa ku Namitete wosinja nsinjiro anene "nsawa". Kumuika "mtedza" m'kamwa ndiko kumusamutsa pamudzi pake.

Malamulo a kalembedwe amatiuza malembedwe a liwu. Satilamula kupha liwu. Mphunzitsi uja akadangolemba m'mbali kuti, "ena amati mtedza", mwanayo akadapita kwawo ndi mawu awiri. M'malo mwake adapita ndi chiganizo chothyoka, ndiponso manyazi pa chiyankhulo cha amake.