Kayalidwe ka Mawu pa Tsamba Lowerengedwa Mokweza: Phunziro la Chilengezo cha ku Salisbury Lines

Chikalata chimene chalembedwa kuti chiwerengedwe mokweza, chimene oulutsa mawu amachitcha sikiripiti, chimasiyana ndi kalata kapena nkhani ya m'nyuzipepala pa mfundo imodzi yaikulu, yakuti wochiwerenga alibe mwayi wobwerera m'mbuyo pamene diso laphonya. Mu mzinda wa Mzuzu zikalata zotere zimawerengedwa tsiku ndi tsiku pa wailesi ya Tigabane ya mpingo wa Katolika, pa Voice of Livingstonia ya sinodi ya Livingstonia, pa wailesi ya boma ya MBC, komanso pa maguwa a matchalitchi ndi pa zimkuzamawu za m'misonkhano. Ku Salisbury Lines, dera lotsika ndi lodzaza nyumba limene madzi amasefukira kawirikawiri, monga zinachitikira mu Epulo 2016, zambiri mwa zilengezozi zimakhudza ngalande, madzi akumwa, matenda ndi maliro, kotero kuti liwu limodzi lowerengedwa molakwika likhoza kusocheretsa mabanja ambiri. Wowerenga akaphunthwa, anthu amafulumira kunena kuti sadziwa ntchito, koma nthawi zambiri cholakwa chimakhala pa tsamba limene anapatsidwa.

Kukula kwa zilembo kumayezedwa ndi muyeso wotchedwa poyinti, ndipo mapoyinti 72 amapanga inchi imodzi. Makalata a mu ofesi amalembedwa ndi zilembo za mapoyinti 12, zimene zimakwanira munthu wokhala pa tebulo ndi kuwerenga chamumtima, koma sizikwanira munthu amene pakati pa nkhope yake ndi pepala pali maikolofoni, kapena mkulu wa mpingo amene waimirira m'nyumba ya mdima magetsi atazima. Wotere amafunika mapoyinti 14 kapena 16, ndipo wa maso ofooka amafunika 18. Mpata wa pakati pa mizere uyenera kukhala wowirikiza kawiri, chifukwa diso likafika kumapeto kwa mzere limalumpha kubwerera kumanzere, ndipo mizere ikathinana limatera pa mzere umene lawerenga kale kapena kudumpha umodzi. Chizindikiro cha vutoli chimamveka ndi khutu: wowerenga amabwereza mawu awiri kapena atatu, n'kuima pang'ono, kenako n'kupitiriza mothamanga. Pa pepala la A4, lomwe ndi mamilimita 210 m'lifupi ndi 297 m'litali, zilembo za Arial za mapoyinti 16 zokhala ndi mpata wowirikiza zimapereka mizere pafupifupi 19, ndipo kumanzere kukasiyidwa masentimita anayi olembamo zizindikiro, mzere uliwonse umanyamula zilembo pafupifupi 50. N'zoona kuti zimenezi zimadya mapepala, ndipo mlembi wa komiti amene amalipira tsamba lililonse kwa osindikiza amakopeka kupanikiza zonse pa tsamba limodzi, koma ndalama imene wapulumutsayo ndi yochepa poyerekeza ndi uthenga umene wautaya.

Malangizo ambiri a luso limeneli anakonzedwera Chingerezi, ndipo apa ndi pamene mlembi wa Chichewa ndi Chitumbuka ayenera kusamala kwambiri. Oulutsa mawu m'Chingerezi amaphunzitsidwa kuti mawu atatu amatenga sekondi imodzi, koma lamulo limeneli siligwira m'chinenero chimene mneni amanyamula yekha mwininkhani, nthawi, wochitiridwa ndi kukana. Liwu lakuti "sitidzakuthandizani" ndi limodzi pa pepala, pamene pakamwa ndi maphatikizo asanu ndi atatu, phatikizo kukhala kachigawo ka liwu kamene kamatchulidwa ndi mpweya umodzi, monga "dza" kapena "ndi". Mlembi wowerengera mawu amalonjeza chilengezo cha mphindi imodzi, wowerenga n'kupeza kuti nthawi yatha ali pakati, ndipo amayamba kumeza maphatikizo omalizira. Njira yodalirika ndi yoyeza mizere ndi wotchi: mlembi awerenge mokweza mizere khumi ya tsamba loyalidwa kale, ndipo ngati yamutengera masekondi 40, ndiye kuti mzere umodzi ndi masekondi anayi, mphindi imodzi ndi mizere 15. Muyeso umenewu umagwira pokhapokha ngati kukula kwa zilembo ndi m'lifupi mwa mzere zili zosasintha pa zikalata zonse.

Kutalika kwa mawu kumabweretsanso ngozi ina, imene ili yaikulu koposa zonse. M'Chichewa kukana nthawi zina kumabisala m'kati mwa liwu, kotero kuti pakati pa "mumwe" ndi "musamwe", kapena "abwere" ndi "asabwere", pali phatikizo limodzi lokha la zilembo ziwiri. Pa zilembo zing'onozing'ono, kapena pa fotokope yofuwa, diso lothamanga limazindikira chiyambi ndi mapeto a liwu n'kulumpha chapakati, ndipo chenjezo la madzi a m'chitsime chimene mwalowa zonyansa likhoza kusanduka chilolezo. Chifukwa chake phatikizo lokana liyenera kudulidwa mzere kunsi kapena kulembedwa ndi zilembo zonenepa, ndipo liwu lisadulidwe pakati kuti theka lake lipite ku mzere wotsatira. Makompyuta ena amadula mawu okha potsata malamulo a Chingerezi, choncho kudula kumeneku kuyenera kuzimitsidwa, ndipo mizere iyambire pamodzi kumanzere kokha, kumanja ithere pamene ganizo lathera. Kulemba chikalata chonse ndi zilembo zazikulu, chizolowezi chimene ena amachiyesa chothandiza, kumawononga zinthu, chifukwa zilembo zonse zimafanana msinkhu, mawu aatali amataya maonekedwe amene diso limawadziwira, ndipo maina a anthu ndi malo saonekeranso padera.

Pamene mzere wathera ndi pamene wowerenga amapumira, afune asafune, ndipo m'Chichewa kupuma kumamveka kwambiri chifukwa wolankhula amatalikitsa phatikizo lotsatizana ndi lomaliza pa liwu limene lili kumapeto kwa chigawo cha mawu. Mzere ukathera pa "ngalande", n'kusiya "za madzi" ku mzere wina, wowerenga amakoka liwulo ngati wamaliza, kenako mawu otsalawo amatuluka ngati chiganizo chatsopano chopanda mutu. Lamulo labwino ndi lakuti mzere umodzi unyamule zimene munthu anganene ndi mpweya umodzi. Kumene mpatuliro ndi mpumiro, zizindikiro za kalembedwe wamba zopumira pang'ono ndi zomalizira chiganizo, zimachepa kuoneka, oulutsa mawu amaika kamzere kopendama kamodzi pa kupuma kwakufupi ndi timizere tiwiri pa kupuma kwathunthu.

Chitsanzo chongoyerekezera chionetsa mmene zimenezi zimagwirira ntchito. Mlembi wa komiti ya m'dera akhoza kubweretsa chilengezo chotere, cholembedwa m'chiganizo chimodzi: "Komiti ikudziwitsa anthu onse okhala ku Salisbury Lines kuti Loweruka pa 14 padzakhala ntchito yokonza ngalande za madzi kuyambira 6:00 mpaka 10:00 ndipo aliyense abwere ndi khasu kapena fosholo koma ana asabwere." Pa diso chilibe cholakwa, koma pakamwa chili ndi misampha itatu: palibe popumira, manambala sanena mmene atchulidwire kapena ngati ndi m'mawa kapena madzulo, ndipo "abwere" ndi "asabwere" ayandikana pa mzere umodzi. Chikayalidwa bwino chimaoneka motere:

NYIMBO ITSIKE
Okhala ku Salisbury Lines, / tamverani. //
Loweruka likudzali, / pa folotini, /
tidzakonza ngalande za madzi. //
Ntchito idzayamba sikisi koloko m'mawa, /
idzatha teni koloko. //
Aliyense abwere ndi khasu / kapena fosholo. //
Ana aSAbwere. //
NYIMBO IKWERE

Mawu asintha pang'ono chabe, koma chiganizo chimodzi chasanduka mizere isanu ndi iwiri, tsiku ndi nthawi zapatsidwa malo awoawo, ndipo choletsa chaikidwa pachokha kumapeto, kumene khutu limachisunga. Manambala alembedwa monga anthu amawatchulira, chifukwa ku Malawi masiku a mwezi, maola ndi ndalama zimatchulidwa kawirikawiri ndi manambala obwereka ku Chingerezi, ndipo wowerenga akakumana ndi "K15,000" amayamba wazengereza posankha katchulidwe, pamene "fifitini sauzande kwacha" amangoinena. Mizere iwiri ya zilembo zazikulu zokhazokha ndi malangizo a woyendetsa makina, ndipo siyenera kutchulidwa. Kusiyanitsa kumeneku kumagwira ntchito chifukwa mawu olankhulidwa ali m'zilembo wamba, ndipo pa tsamba lenileni malangizowa amasunthidwira m'mpata wa kumanzere uja kuti asalowe m'njira ya diso.

Mzuzu uli ndi chosowa china chimene mizinda ya kumwera ilibe pa mlingo womwewo. Chitumbuka chinachotsedwa pa wailesi ya MBC mu 1968 ndipo chinabwereranso mu 1994, ndipo lero chilengezo chimodzi chimawerengedwa nthawi zambiri m'zinenero ziwiri. Kusanjikiza mzere wa Chichewa ndi wa Chitumbuka mosinthanasinthana ndi kulakwitsa, popeza zinenerozi zimafanana mokwanira kuti diso likhoza kuoloka kuchoka ku china kupita ku chinzake wowerenga osazindikira. Chinenero chilichonse chikhale pa tsamba lake, dzina lake litalembedwa pamwamba. Mlembi ayeneranso kuyang'ana pepala losindikizidwa kuti aone ngati chilembo ŵ, chimene chimapezeka m'mawu ambiri a Chitumbuka monga "ŵanthu" ndi "ŵana", chatuluka bwino, chifukwa mitundu ina ya zilembo za pa kompyuta ilibe chilembochi ndipo imaika kabokosi m'malo mwake.

Zotsala ndi za manja, ndipo sizifuna kufotokoza kwambiri. Pepala lisindikizidwe mbali imodzi, lisamangidwe ndi sitepulala, tsamba lililonse likhale ndi nambala, ndipo chiganizo chisayambe pa tsamba lina n'kukathera pa lina, kuti wowerenga azingosuntha tsamba lomalizidwa pambali pa nthawi yopuma, maikolofoni osatola phokoso lake. Amene alibe kompyuta akhoza kutsata malamulo omwewa m'kope, polemba ndi bolopeni yakuda, kudumpha mzere umodzi nthawi zonse ndi kupinda pepala kumanzere kuti papezeke mpata wa zizindikiro.

Zizindikiro zili ndi malire ake. Tsamba limene liwu lachitatu lililonse ladulidwa mzere kunsi silithandizanso, chifukwa wowerenga amatsindika paliponse ndipo womvera sadziwa chimene chili chachikulu. Pa chilengezo cha mphindi imodzi, malo awiri kapena atatu otsindika ndi okwanira: tsiku, malo, ndi choletsa. Timizere topumira tiyenera kuikidwa kapena kukonzedwa ndi wowerenga mwini, ndi pensulo, atawerenga mokweza kamodzi, popeza mpweya wa mnyamata wa pa wailesi ndi wa mkulu wa mpingo sufika pa malo amodzi. Makomiti a m'madera, alembi a mipingo ndi onse opereka zilengezo ku mawailesi a mu Mzuzu ayenera kupereka tsamba loyalidwa kale, lokhala ndi mpata woti wowerenga alembemo, ndipo alipereke nthawi yoti aliyeserere isanathe.