Fayilo yodziwa tsiku lake

Gombe la nyanja ya Chilwa silikhala malo amodzi. Nyanjayi ndi yosaya ndipo ilibe mtsinje wotulutsa madzi, choncho mvula ikachepa madzi amathawa, monga zidachitikira mu 1968, 1995 ndi 2018. Kwa Kuntumanji, pamene asodzi ankaponya makoka a matemba chaka china, chaka chotsatira pamalimidwa mpunga. Wojambula mapu a dera lotere akangotcha fayilo yake `gombe_latsopano`, wawononga ntchito ndi manja ake omwe. Latsopano liti?

Pali mayi wina amene amajambula minda ya m'dambo kuderali, ndipo chimene chimandigira mtima pa ntchito yake si kukongola kwa mapu ayi, koma mayina a mafayilo. Taonani limodzi:

```
kuntumanji_gombe_s2_20181115_32736_v02.gpkg
```

Dzinali likunena malo, chinthu chojambulidwa, ndiponso kuti mzere wa gombe adautsata pa chithunzi cha setilaiti ya Sentinel-2. Tsiku limayamba ndi chaka, kenako mwezi, kuti kompyuta iziyala yokha mafayilo motsatana ndi nthawi. Koma luso lenileni lili apa: tsikulo ndi limene chithunzi chidajambulidwa, osati limene mayiyu adakhala pansi kugwira ntchito. Ambiri amalemba tsiku la ntchito, ndiye wodzabwera m'mbuyo amayesa kuti gombe la m'chilimwe ndi la mu Malichi, nkuyamba kufotokoza za kuphwa kwa nyanja kumene sikudachitike.

Nambala ya 32736 ndi imene ine ndimaiona kuti siyenera kusowa pa fayilo iliyonse ya ku Malawi kuno. Imatanthauza muyezo wa WGS 84 m'chigawo 36 chakummwera cha UTM, umene umagwirizana ndi makina a GPS. Mapu akale a boma, a 1:50,000 aja, adajambulidwa pa muyezo wina wa Arc 1950, umene nambala yake ndi 20936. Manambala osonyeza malo amaoneka ofanana m'miyezo iwiriyi, mwakuti munthu sangaisiyanitse ndi maso, koma mukasokoneza, chilichonse chimasuntha ndi mamita pafupifupi 300, makamaka cha kumpoto kapena kummwera. Mumazindikira poona kuti misewu ndi mitsinje yonse yasendera mbali imodzi mofanana. M'dambo mopanda chizindikiro chooneka, munda wa munthu umakagwera m'njedza popanda wodabwa.

Foda ya ntchito amaigawa pang'ono chabe: `01_zoyamba`, `02_ntchito`, `03_zomaliza`. Zimene zachokera ku GPS ndi ku setilaiti zimalowa m'foda yoyambayo, ndipo sazikhudzanso. Akafuna kukonza kanthu amakopera kaye m'foda yachiwiri. Fayilo ya QGIS imakhala pamwamba pa mafoda atatuwa, ndipo amaonetsetsa kuti pa `Save paths` pali `Relative`. Potero foda yonse ikapita pa kompyuta ya mnzake imatseguka bwinobwino, mmalo mofunafuna diski imene idatsala ku Zomba. Mafayilo a `.shp` adawasiya chifukwa amayenda ndi anzawo a `.shx`, `.dbf` ndi `.prj`, ndipo wotumiza mothamanga amaiwala `.prj`, amene ndiye amasunga muyezo uja.

Dzina silingasenze zonse, n'chifukwa chake pambali pamakhala kafayilo ka `WERENGANI.txt`. Mmenemo amalemba zimene zikadatsalira m'mutu mwake mokha. Chachikulu ndi ichi: kodi gombe ndi pati? Ku Chilwa madzi oyera amazunguliridwa ndi dambo lalikulu la njedza. Wina amajambula mzere pothera madzi ooneka, wina kunja kwa njedza, ndipo kukula kwa nyanja kumene awiriwa angapeze kumasiyana kutali. Mayiyu amalemba kuti adatsata madzi ooneka, kuti mbali ina idaphimbidwa ndi mitambo, ndi chimene chidasintha pakati pa `v01` ndi `v02`. Mayina a eni minda sawaika m'mafayilo oyenda m'manja mwa aliyense. Amaika manambala, mayinawo nkusunga pena.

Posunga, amakhala ndi makope atatu: pa laputopu, pa diski yakunja, ndi lina lokhala kutali, pa intaneti kapena ku ofesi ina, poti moto, wakuba kapena madzi osefukira satenga chimodzi nkusiya chinzake zikakhala m'chikwama chimodzi. Amayamba watseka QGIS, chifukwa fayilo ya `.gpkg` ikakhala yotsegula, zimene wangokonza kumene zimatha kukhala zidakali m'kafayilo kothera ndi `-wal`, ndipo kukopera `.gpkg` yokha kumazisiya. Pakutha pa mwezi amapereka diski ija kwa mnzake wa pantchito kuti atsegule pa kompyuta yake, iye ali phee osalankhula kanthu. Mnzakeyo akafunsa funso, yankho lake limalowa mu `WERENGANI.txt` tsiku lomwelo.