Madzi Ochepa, Dzanja Laling'ono: Luso Lotapa Mawu m'Mabuku a Mayeso

Mayeso a MSCE akamayandikira, ophunzira a Fomu 4 m'masukulu a ku Mulanje, kuyambira ku Nkando ndi ku Chisitu mpaka ku Limbuli, amakhala ndi kope lapadera la mawu otapa m'mabuku a litiretcha. Chifukwa chake n'chodziwika. M'chipinda cha mayeso a MANEB salowamo ndi buku, ndipo m'masukulu ambiri oyendera buku limodzi la Macbeth kapena The Pearl limazungulira m'manja mwa anthu angapo. Likakufika madzulo ano, mawa mnzako akulifuna. Chimene watapa usiku umenewo ndicho chako. N'chifukwa chake zimandipweteka kuona makope odzaza masamba ndi masamba a mawu okoma m'khutu, koma oti mwini wake ukamufunsa kuti adawanena ndani, ndipo adawanenera chiyani, amangokanda m'mutu.

Kutapa mawu ndi ntchito yosankha, ndipo muyeso wake si kukoma kwa mawuwo. Muyeso ndi wakuti: kodi mawuwa angandithandize kutsimikizira mfundo iti? Ndimakhulupirira kuti mawu amphamvu kwambiri ndi amene ali ndi mnzake kwinakwake m'buku lomwelo, moti ukawaika pamodzi amaonetsa kuti mtengambali wasintha. Mafunso ambiri a chimangirizo amazungulira pomwepo: khalidwe la munthu, chimene chidalisintha, ndi phunziro lotuluka m'kusinthako.

Titenge mkazi wa Macbeth. M'gawo 2, chigawo 2, mfumu Duncan yangophedwa kumene. Macbeth watuluka ali njenjenje, mipeni idakali m'manja, ndipo akuona ngati nyanja yonse siingatsuke magaziwo. Mkazi wake akumulanda mipeniyo, kukaisiya pa alonda ogona, n'kubwera manja ali psuu. Pamenepo ndi pamene akumuuza mwamuna wake kuti timadzi tochepa tikwanira kuchotsa zonse zimene achita. Chiganizocho n'chachifupi, mawu ake sakwana ndi khumi omwe. Tsopano lumphani mufike gawo 5, chigawo 1. Mayi yemweyu akuyenda ali m'tulo, kandulo ali m'manja, dokotala ndi mayi womutumikira akumuonerera. Akupukuta manja osalekeza, akumvabe fungo la magazi, ndipo akudandaula kuti zonunkhiritsa zonse za ku Arabia sizingathetse fungolo pa kadzanja kake.

Wophunzira wochenjera amalemba mawu awiriwa pa tsamba limodzi, ena pamwamba ena pansi, ngakhale m'buku atalikirana kwambiri. Pansi pa alionse alembepo zinthu zitatu zokha. Choyamba, wolankhula ndi womvera: poyamba paja akulankhula kwa mwamuna wake momulamula, pomwe kachiwiri akulankhula yekha osadziwa kuti pali omumva. Chachiwiri, malo ake m'nkhani: kuphedwa kwa mfumu kutangochitika, ndiponso imfa ya mayiyu itayandikira. Chachitatu, chimene ambiri amachidumpha, ndicho ntchito imene mawuwo akugwira. Shakespeare adagwiritsa ntchito liwu limodzi lotanthauza kuchepa m'malo onse awiri. Poyamba chochepa ndi madzi, kusonyeza kuti mayiyu akuupeputsa mlandu. Pamapeto chochepa ndi dzanja lake, ndipo chachikulu ndi mlandu umene dziko lonse la zonunkhira silingaufafanize. Mayi amene ankanyoza mwamuna wake chifukwa cha mantha wafika polankhula ngati mmene mwamunayo ankalankhulira za nyanja.

Onani kuti tsamba limodzi limeneli likuyankha mafunso angapo. Akafunsa za khalidwe la mkazi wa Macbeth, lilipo. Akafunsa za chikumbumtima, za magazi ngati chizindikiro, kapena za mmene banjali lidapatukirana, lilipobe. Umu ndimo mungayesere mawu alionse musanawalembe m'kope: ngati akungotumikira funso limodzi lokha, ganizani kawiri. Mawu awiriawiri otere okwana 6 kapena 8 pa buku limodzi, odziwika bwino mpaka kumizu, amaposa mizere 50 yoloweza ngati nyimbo.

Kope lofooka limadziwika msanga. Pansi pa mawu otapidwa pamakhala ndemanga yongobwereza zomwezo m'mawu ena, monga yakuti apa mayiyu akunena kuti asambe m'manja. Kumeneko n'kufotokoza, osati kusanthula. Njira yodziyesera ndi iyi: phimbani mawu otapidwawo ndi chikhatho, muwerenge ndemanga yokha. Ngati ikungokuuzani zimene zidachitika, siinafike. Iyenera kukuuzani chimene wolemba akutionetsa, ndi chipangizo chimene wagwiritsa ntchito potionetsapo. Vuto lina ndi kutalika. Wotapa mizere isanu amaiwala pakati, n'kusokoneza mawu, n'kutaya nthawi akulimbana ndi kukumbukira. Mawu anayi kapena asanu olowa bwino m'chiganizo chako amakwana. Ndipo ngati pa tsiku la mayeso mawu enieni athawa, ndi bwino kufotokoza tanthauzo lake m'mawu ako, popanda zizindikiro za mawu otapidwa, kusiyana ndi kum'patsa Shakespeare chiganizo chimene sadalembe.

Pali mabuku ena amene umboni wake wabwino suli m'mawu olankhulidwa. The Pearl, ya John Steinbeck ya mu 1947, ndi chitsanzo. M'mutu 4, Kino akupita kukagulitsa ngale yake kwa ogula a m'tauni ya La Paz. Woyamba akutchula mapeso 1,000, Kino akuti ngaleyo ndi ya 50,000, wina akutsitsa mpaka 500, ndipo Kino atanyamuka mokwiya, woyamba uja akukweza kufika 1,500. Manambala amenewa, pamodzi ndi mfundo yakuti ogula onsewo amagwirira ntchito munthu mmodzi, ndi umboni wokwana wa kudyera masuku pamutu anthu osauka. Kukwera kwadzidzidzi kwa mtengo Kino atakana ndiko kukuulula kuti ogulawo ngaleyo adaidziwa kuti njamtengo wapatali. M'kope, zotere zilembedwe ngati chochitika ndi manambala ake, osavutika kufunafuna chiganizo chokongola.

Mwana wa ku Mulanje amene adaonapo makolo ake akubwerera ndi thumba la nandolo chifukwa mavenda onse pamsika atchula mtengo umodzi safunika kumuuza zambiri za mutu umenewu. Chidziwitso chimenecho n'chuma, chimamuthandiza kuona msanga pamene pali fupa la nkhani. Komabe chenjezo lilipo: wochonga mayeso akufuna umboni wa m'buku, ndiye nandolo atsale kunyumba, papepala pabwere Kino ndi mapeso ake.

M'mabuku a Chichewa msampha ndi miyambi. Buku ngati Nthondo, limene Samuel Josia Nthara adatulutsa mu 1933, limakopa wophunzira kuti atole nsinjiro za chiyankhulo n'kuzindandalika ndi matanthauzo ake, ngati akukonzekera funso la galamala. Mwambi wa m'nthano uli ndi mwini wake pa nthawi imeneyo. Ukatuluka m'kamwa mwa mkulu wolangiza mnyamata wosamva, ntchito yake ndi ina; ukatuluka m'kamwa mwa munthu wodzilungamitsa, ndi inanso. Choncho pansi pa mwambi uliwonse palembedwe amene waunena, amene akuuzidwa, ndi zimene womvayo adachita pambuyo pake. Mzere wotsirizawu ndiwo umasandutsa mwambi kukhala umboni wa khalidwe.

Za timabuku ta manotsi togulitsidwa m'misika, sindikuti tisagwiritsidwe ntchito, makamaka kumene mabuku enieni ndi osowa. Koma mawu alionse otengedwamo ayenera kufufuzidwa m'buku lenileni tsiku limene lakufika m'manja, ndipo muwerenge mizere ingapo ya patsogolo ndi ya pambuyo pake. Nthawi zina wolankhula amakhala atasinthidwa, kapena chiganizo chitadulidwa pamalo poti tanthauzo lake latembenuka.