Njira ya diso pa chikwangwani cha kolera

M'mapiri a kum'mawa kwa Zimbabwe, kuyambira ku Honde Valley kumene kuli minda ya tiyi ya Aberfoyle, kutsika mpaka ku Chipinge kumene kampani ya Tanganda ili ndi maesiteti monga Ratelshoek, Jersey ndi Zona, uthenga wofunika umayendabe pa pepala lomata pakhoma. Umalipeza pakhoma la kiliniki, pa shedi yoyezera masamba, pasitolo ya m'komboni, ngakhale m'dera la Gaza m'tauni ya Chipinge. Mayi wothyola tiyi amadutsa pamenepo atatopa, dengu lili kumsana. Sangaime kuti awerenge, amangoponya diso akupita. Wojambula ayenera kukonzera diso lofulumiralo njira yoti liloŵe pa mutu, lidutse pa chithunzi, likathere pa mawu ouza munthu chochita. Ine ndikuona kuti zikwangwani zambiri zimalephera pa sitepe yachitatuyi, ndipo chimazilepheretsa n'chakuti wojambula amaopa kuchepetsa zinthu zina.

Titenge chikwangwani cha kolera, matenda amene anapha anthu oposa 4,000 m'Zimbabwe mu 2008 ndi 2009, nabukanso mu 2023. Ku Malawi tinazoloŵera paketi ya Thanzi yosungunula mu lita imodzi ya madzi. Ku Zimbabwe anthu akhala akuphunzitsidwa kusakaniza okha kunyumba: madzi aukhondo okwana botolo la 750 ml, masipuni aang'ono asanu ndi limodzi a shuga osasefukira, ndi theka la sipuni ya mchere. Pamwamba pa muyeso umenewu, ofesi ya zaumoyo imafuna kuti pepala lomwelo linene za kusamba m'manja, kuŵiritsa madzi, kugwiritsa ntchito chimbudzi ndi kaikidwe ka maliro. Zonsezi n'zoona ndipo n'zofunika. Koma zikapatsidwa malo ofanana, diso limasoŵa poyambira, ndipo paja akulu anati ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada.

Ntchito yoyamba ndi masamu, osati kukongoletsa. Pepala la A3 ndi masentimita 42 m'litali ndi pafupifupi 30 m'lifupi. Muyeso umene olemba zikwangwani amagwiritsa ntchito ndi wakuti sentimita imodzi ya msinkhu wa chilembo imaŵerengeka bwino pa mtunda wa mamita aŵiri. Ngati munthu akudutsa pa mamita khumi, zilembo za mutu zikhale zamasentimita asanu. Zilembo zazikulu chotero zimakwana zisanu ndi ziŵiri kapena zisanu ndi zitatu zokha pa mzere umodzi. Choncho mutu wautali wofotokoza dzina la pulojekiti ndi chaka chake sungatheke. Liwu limodzi, KOLERA, limadzaza mzere wonse, ndipo limakwanira kuimitsa munthu. Likhale lakuda bii pa pepala loyera kapena lachikasu, lolembedwa m'chiyankhulo cha oŵerengawo: Chindau ku Chipinge, Chimanyika ku Honde. Pamene pali mabanja ochokera ku Malawi ndi Mozambique, kuli bwino kusindikiza pepala lina la Chichewa, chimene malamulo a Zimbabwe a 2013 anachiika pa mndandanda wa ziyankhulo 16 zovomerezeka, kusiyana ndi kupanikiza ziyankhulo zitatu pa pepala limodzi.

Vuto lalikulu lili pa chithunzi, chifukwa diso silimvera dongosolo limene wojambula ali nalo m'mutu. Kafukufuku wa Mario Garcia ndi Pegie Stark ku Poynter Institute, amene anatuluka mu 1991, anaonetsa kuti oŵerenga nyuzipepala kaŵirikaŵiri amaloŵa pa tsamba kudzera pa chithunzi chachikulu, osati pa ngodya yakumanzere. Kale Alfred Yarbus wa ku Russia anali ataonetsa kuti munthu akaona nkhope pa chithunzi, diso lake limabwererabwerera pa maso ndi pakamwa. Tanthauzo lake kwa wojambula ndi lakuti nkhope ya mayi womwetulira yodzaza theka la pepala, yoyang'ana woŵerenga m'maso, imagonjetsa mutu ndi mawu onse apansi. Munthu amachoka akukumbukira nkhopeyo, osadziŵa kuti amauzidwa chiyani.

Pa chikwangwani chathuchi ndingachotse nkhope n'kusiya manja. Kumanzere kukhale botolo, chifukwa timaŵerenga kuchokera kumanzere kupita kumanja. Pambali pake pakhale masipuni asanu ndi limodzi a shuga ondandalikidwa moti munthu angaŵaŵerenge ndi chala, kenaka mpata woonekera, kenaka sipuni imodzi ya mchere yofika theka. Mpata umenewo ndi wofunika kwambiri, chifukwa zinthu zoyandikana diso limazitenga ngati gulu limodzi, ndipo mayi akasokoneza muyeso n'kuchulutsa mchere, mwana wodwalayo akhoza kuvulala. Pansi pa masipuniwo pakhale dzanja lothira madziwo m'kapu, mopendekera kumunsi chakumanja. Mzere wa madzi otsikawo umatsogolera diso pansi popanda kujambula muvi. Ngati nkhope ikufunikadi, iyang'ane kapuyo, chifukwa anthu timayang'ana kumene wina akuyang'ana.

Pamene madziwo akuthera ndi pamene mawu a chochita ayenera kukhala. Apa ndi pamene ndimadandaula ndi zikwangwani zambiri za zaumoyo, za ku Malawi ndi kwina komwe. Malo apansi, amene diso limafikirapo pomaliza, amadzazidwa ndi mzere wa zizindikiro za mabungwe othandiza, chilichonse ndi mtundu wake wowala. Lamulo lenileni limakhala m'timalemba tating'ono pakati pa malangizo ena asanu. Mabungwewo ayenera kutchulidwa, koma zizindikiro zawo zichepe, zikhale za mtundu umodzi wosawala, zikhale m'mphepete. Malo aakuluwo apite kwa chiganizo chimodzi choyamba ndi mneni: "Mmwetseni, thamangani naye ku kiliniki." Zilembo zake zikhale pafupifupi theka la zilembo za mutu, kuti zisapikisane nawo koma ziposebe china chilichonse. Zikhale m'bokosi lakuda ndi malemba oyera, ndipo kuzungulira bokosilo kukhale malo opanda kanthu. Pansi pake pasiyidwe mzere woti namwino alembepo ndi cholembera dzina la kiliniki yapafupi, chifukwa wodwala wa ku Honde ndi wa ku Ratelshoek sapita malo amodzi. Za kusamba m'manja ndi za chimbudzi zipite pa chikwangwani china, chomatidwa pa mpopi ndi pachimbudzi pomwepo.

Wojambula asadalire mitundu yokha kuti isiyanitse chachikulu ndi chaching'ono. Inki yofiira ndi yachikasu imasuluka msanga pa dzuŵa, chinyontho cha kumapiriko chimanyowetsa pepala, ndipo mapepala akatha wina amangopanga fotokope yakuda ndi yoyera. Zilembo zofiira pa masamba obiriŵira a tiyi zimaoneka bwino pa kompyuta, koma pa fotokope zonse zimasanduka zotuwa zofanana, komanso kwa amuna ena amene maso awo sasiyanitsa chofiira ndi chobiriŵira zimabisika kuyambira pachiyambi. Kukula, kuderapo ndi malo opanda kanthu ndi zimene zimapirira zonsezi.

Kuyesa ntchitoyi sikufuna ndalama. Pangani fotokope, imateni pakhoma, bwererani masitepe khumi, mutsinzine pang'ono mpaka malemba asaŵerengeke. Payenera kutsala zigamba zitatu zakuda zotsatana kuchokera pamwamba kupita pansi. Zikaoneka zisanu, pali zoti zichepe. Kenaka onetsani pepalalo kwa wothyola tiyi kwa masekondi atatu, mulitembenuze, mumufunse kuti, "Amayi, mwana akayamba kutsegula m'mimba usiku uno, muchita chiyani?" Akayankha za botolo, masipuni ndi kiliniki, sindikizani. Akayankha kuti pepalalo n'lokongola, kapena akatchula dzina la bungwe, bwererani ku tebulo mukachotse zina.