Chiswe chobwera kumapeto: kumasula chiganizo chotembenuzidwa m'ndakatulo

Mayi akamaitana ana kuti adzadye sanena kuti "Nsima yapsa." Amakuwa kuti "Yapsa nsima!" ndipo palibe mwana amene amaima kudabwa kuti mneni watsogola bwanji dzina. Tikamayankhula timatembenuza mawu tsiku lonse. Koma mlakatuli akachita zomwezo papepala, ophunzira ambiri amagwira mutu n'kumati ndakatulo ndi Chichewa chokhotakhota chimene mwini wake yekha ndiye amachimva. Ine ndimakana. Chiganizo chotembenuzidwa bwino chimakhala ndi chingwe chochimasulira, ndipo chingwecho chili m'kati mwa mneni. Chimene chilibe chingwe chotero nthawi zambiri chimakhala kuti changolembedwa molakwika.

Ndapeka mizere itatu iyi kuti tiigwiritse ntchito:

Nkhokwe ya agogo, yolukidwa chaka chatha,
chinaidya mwakachetechete,
ife tili m'tulo, chiswe.

Wowerenga wozolowera ziganizo za m'kalasi amayembekezera mwininkhani poyamba, kenako mneni, kenako pamtherankhani. Akaona "nkhokwe" patsogolo amaitenga ngati ndiyo ikuchita kanthu, ndipo akafika pa mzere wachiwiri amasokonezeka. Njira yake ndi kusiya kaye mawu oyambawo n'kufunafuna mneni wamkulu. Pano ndi "chinaidya". Tiuphwanye: chi-na-i-dya. "Na" akutiuza kuti zinachitika kale, "dya" ndiye ntchitoyo. Zotsalazo, "chi" ndi "i", ndi zala ziwiri zoloza. Choyamba chikuloza wochita, ndipo chikuti wochitayo ali m'gulu la mayina la Chi-Zi. Chachiwiri chikuloza wochitiridwa, ndipo chikuti ali m'gulu la I-Zi kapena ndi dzina lochulukitsa la gulu la Mu-Mi. Tikayang'ana m'mizeremo, dzina lokhalo limene "i" angaliloze ndi nkhokwe. Choncho nkhokwe, ngakhale yakhala kutsogolo, ndiyo inadyedwa. "Agogo" sangakhale wodya, chifukwa mneni akanayamba ndi "a". "Ife" nafenso ayi, chifukwa akanayamba ndi "ti".

Apa pali msampha umene ndautchera dala. Mayina a gulu la Chi-Zi alipo awiri, "chaka" ndi "chiswe", ndipo "chaka chatha" chakhala moyandikana kwambiri ndi mneni. Khutu limamva "chaka chatha chinaidya" ndipo kwa kamphindi limakhulupirira kuti chaka ndicho chinadya nkhokwe, zimenenso zili ndi tanthauzo kwa aliyense amene anaonapo chaka cha njala. Chimene chimatiwongolera ndi mpatuliro uja wa pambuyo pa "chatha", umene ukutsekera mawuwo m'kati mwa kufotokoza za nkhokwe, komanso dzina lotsiriza lija, limene likanasowa ntchito chaka chikanakhala wodya. Tikayala zonse mwa masiku onse timapeza kuti: Chiswe chinadya mwakachetechete nkhokwe ya agogo yolukidwa chaka chatha ife tili m'tulo.

Ophunzira ambiri amalekera pamenepo, ngati kuti kuwongola chiganizo ndiye kumvetsa ndakatulo. Funso lenileni likadalipo: tataya chiyani pochiwongola? M'chiganizo chowongokacho chiswe tachidziwa pa liwu loyamba, ndipo zotsatirazo ndi lipoti chabe. M'mizere ija timayamba taona nkhokwe ili chilili, yatsopano, nsungwi zake zisanade. Kenako timamva kuti china chake chinaidya, koma sitikuchidziwa. Kenako tikuuzidwa kuti tinali m'tulo. Dzina la mdaniyo likubwera zonse zitatha, monga mmene mwini nkhokwe amadziwira za chiswe: tsiku limene wagwira mzati n'kuona ukufumbutuka m'manja. Dongosolo la mawu latsata dongosolo la mmene munthu anazindikirira tsokalo. Kutembenuza kotere ndiko ndimakulemekeza.

Ufulu umenewu suchokera kwa alakatuli, uli m'chiyankhulo chenichenicho. M'chaka cha 1987 akatswiri awiri a ziyankhulo, Joan Bresnan ndi Sam Mchombo, anasindikiza kafukufuku wa Chichewa amene anaonetsa kuti mneni akakhala ndi kachala kaja koloza wochitiridwa, mwininkhani, mneni ndi pamtherankhani angasanjidwe m'njira zonse zisanu ndi imodzi chiganizo osawonongeka. Kachalako kakachoka, pamtherankhani amayenera kukhala pambuyo penipeni pa mneni. Yesani nokha. "Nkhokwe chinaidya chiswe" chikumveka. "Nkhokwe chinadya chiswe" chikutsimphina, ndipo wina akhoza kumva ngati chinthu china chosatchulidwa ndicho chinadya chiswecho. Zoona, pocheza timatha kunena kuti "Nsima ndadya kale" popanda kachalako, koma pamenepo wodyayo ndi "ine" amene wamatirira kale pa mneni, ndipo palibe angaganize kuti nsima yadya munthu. Mayina awiri akachoka m'malo mwake nthawi imodzi, kachalako sikasiyidwa.

Pali pamene zala zonse ziwiri zilipo koma sizithandiza. Taonani mzere uwu: "Mpongozi anamunyoza mkamwini pabwalo." Ananyoza mnzake ndani? Onse awiri ali m'gulu la Mu-A, choncho "a" angaloze aliyense ndipo "mu" angalozenso aliyense. Wowerenga adzatsata chizolowezi n'kunena kuti woyamba kutchulidwayo ndiye wonyoza. Ngati mlakatuli amafuna kunena kuti mkamwini ndiye anachita mwano, ndipo anangotsogoza mpongozi pofuna kuti timuone iye poyamba, ndiye kuti wanena zosiyana ndi zimene amafuna. Kukonza kwake kuli m'ulemu wathu womwe. Tikati "Apongozi anawanyoza mkamwini pabwalo," "wa" akuloza apongozi, ndipo mlandu wagwera mkamwini. Tikati "Apongozi anamunyoza mkamwini," mlandu wabwerera kwa apongozi. Mawu onse ali pamalo omwewo, phatikizo limodzi lokha ndilo lasintha. Ndiye mlakatuli asanatembenuze ayenera kuyamba waona magulu a mayina ake. Akakhala osiyana, monga nkhokwe ndi chiswe, ali ndi malo ovinira. Akakhala a gulu limodzi, dongosolo la mawu ndilo lokha latsala kuti litiuze zoona, ndipo kuliseweretsa n'kusokeretsa anthu.

Mtundu wina wa kutembenuza ndi wofatsa kwambiri moti ambiri sauona. Tikati "Mkuyu wagwa pabwalo" tikukamba za mkuyu umene tonse tikuudziwa. Tikati "Pabwalo pagwa mkuyu" mneni wasiya kugwirizana ndi mkuyu, wagwirizana ndi malo, ndipo maso athu ayamba aona bwalo kenako chimene chagwapo. Umu ndi mmene timalengezera zadzidzidzi: kumudzi kwagwa maliro, m'nyumba mwalowa njoka. Bresnan yemweyo pamodzi ndi Jonni Kanerva anafufuza kalembedwe kameneka mu 1989, ndipo malire ake ndi odziwika. Kamayenda ndi aneni a kufika, kugwa, kukhala, kutuluka ndi ena otere, komanso aneni a ochitidwa monga "pabwalo paphedwa mbuzi". Sikayenda ndi mneni amene wanyamula pamtherankhani wake. Mlakatuli akalemba kuti "Pabwalo padya ana nsima" waswa Chichewa, ndipo palibe kusanja kumene kungachipulumutse.

Tsopano ndifike pa chimene chimandipweteka. Mvetserani ndakatulo zolakatulidwa pa wailesi, pa maukwati ndi pa misonkhano ya sukulu, mudzamva "wanga mtima", "lathu dziko", "zako ntchito", mzere ndi mzere mpaka kumapeto. Alakatuli achinyamata ambiri anaphunzira kuti kutsogoza liwu la umwini ndiye chizindikiro chakuti izi ndi ndakatulo. Komatu m'Chichewa cha pakamwa kutsogoza kumeneku kuli ndi ntchito yake. Mayi akamva kuti ana a m'mudzi aba nzimbe, amati "Wanga mwana sangachite zimenezo." Akusiyanitsa wake ndi a ena, ndipo "wanga" watsogola chifukwa ndiye mutu wa mkanganowo. Mlakatuli akati "wanga mtima ukulira" pamene palibe mtima wina umene akuusiyanitsa nawo, amatiuza kuti tiyembekezere mtima wachiwiri umene subwera. Akachita zimenezi kakhumi m'ndakatulo imodzi, khutu limasiya kumva, ndipo pamene adzafunedi kusiyanitsa wake ndi wa mnzake adzapeza kuti chida chija chabuntha.

Ena amadziteteza kuti amatembenuza pofuna kuti mizere ithere mofanana. Chifukwa chimenechi sichindigwira mtima. Mawu a Chichewa amathera pa lembo la liwu, ndipo malembo a liwu alipo asanu okha. Aneni ochuluka amathera pa "a". Kufananitsa mathero m'chiyankhulo chotere sikovuta moti munthu n'kupotoza khosi la chiganizo. Chimene chili chovuta, ndiponso chopindulitsa, ndi kusankha liwu loti likhale kumapeto. Poyankhula timakoka phatikizo lachiwiri kuchokera kumapeto kwa liwu limene tapumirapo, choncho liwu lotsiriza mzere limatalika ndi kulemera m'kamwa. M'mizere yathu ija kulemera kumeneko kwagwera pa "chiswe". M'chiganizo chowongoka kukanagwera pa "m'tulo", ndipo ndakatuloyo ikanakhala yodandaula za kugona kwathu osati za mdani wobisika. Zonse ziwiri n'zotheka, koma ndi ndakatulo ziwiri zosiyana, ndipo wolemba ayenera kudziwa imene akulemba.

Izi zikutifikitsa pa vuto la pepala. Kalembedwe kathu sikaonetsa kukwera ndi kutsika kwa liwu, pamene polakatula liwu ndilo limauza omvera kuti mawu awa ndi ongoyambira, awa ndi ongowonjezera, awa ndiye nkhani. Papepala zonsezo zimatsalira mpatuliro ndi podulira mzere. Chotsani mpatuliro wa pambuyo pa "m'tulo" muone: "ife tili m'tulo chiswe" chasanduka phala. Ndinaonapo mtsikana wa Fomu 3 akulimbana ndi ndime yotembenuzidwa kwa nthawi yaitali, akusuntha mawu ndi pensulo uku ndi uku osapeza mutu wake. Nditamupempha kuti aiwerenge mokweza ngati akuuza mnzake pachitsime, anapuma yekha pamalo oyenera, liwu lake linatsika pa mawu owonjezera, ndipo asanafike kumapeto anaima n'kunena kuti, "Aa, kani wochitayo ndi uyu!" Atatero anabwerera kwa mneni, napeza kuti phatikizo loyamba linali likumuloza munthuyo kuyambira pachiyambi.